Kuwerenga chilengezo cha intanishipu ndi diso la wolemba ntchito

Chilengezo cha intanishipu chikatuluka mu The Nation kapena The Daily Times, sichichedwa kufika m'magulu a WhatsApp a ophunzira amene angomaliza kumene ku koleji. Wina amachijambula ndi foni, wina amachitumiza kwa anzake, ndipo dzuwa likamalowa chimakhala chazungulira kuyambira ku Mzuzu mpaka ku Nsanje. Ambiri amachiwerenga mothamanga, maso ali pa dzina la bungwe ndi tsiku lotseka basi. Ena amangotumiza kalata osaona kuti mzere woyamba womwe wawakana kale. Palinso ena, ndipo awa ndi omvetsa chisoni kwambiri, amene amafika pa mndandanda wa zofunika, n'kupeza chinthu chimodzi chomwe alibe, n'kutaya mtima, osadziwa kuti chinthucho bungwelo linangochilemba ngati chokometsera.

Magulu awiri onsewa amalakwitsa pa chifukwa chimodzi: amawerenga mizere yonse ya chilengezo ngati yolemera mofanana. Komatu amene anachilemba sanailembe choncho.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa mzere uliwonse, ayenera kuyamba waganizira zomwe zimachitika mu ofesi tsiku lotseka likadutsa. Makalata amafika ambiri kuposa malo omwe alipo, ndipo woyamba kuwagwira kawirikawiri sakhala bwana wa nthambi yomwe ikufuna intaniyo, koma wa ku ofesi yoona za antchito. Iyeyu sawerenga kuti apeze munthu wanzeru kuposa onse. Ntchito yake yoyamba ndi kupeta, kuchotsa onse amene sakukwaniritsa zinthu zomwe yankho lake ndi inde kapena ayi. Digiri ili m'gulu lomwe anatchula? Anamaliza chaka chiti? Zikalata zonse zilimo? Kalata inafika nthawi isanathe? Otsala ndiwo amapita kwa anthu odziwa ntchitoyo, omwe amayamba kuyerekeza luso la uyu ndi la uyo. Zokometsera zija zimayamba kugwira ntchito pa gawo lachiwirili, osati loyamba.

Zilengezo zambiri ku Malawi zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo zizindikiro zoyamba zili m'timawu tochepa tomwe maso othamanga amatidumpha. Mzere ukakhala ndi "must", "required", "essential" kapena "minimum", ndiye kuti bungwe likunena kuti popanda chimenechi palibe zokambirana. Ukakhala ndi "desirable", "preferred", "an asset" kapena mawu omwe mabungwe a kuno amawakonda kwambiri aja akuti "an added advantage", tanthauzo lake ndi lakuti amene ali nacho adzayambira patsogolo pang'ono, koma amene alibe sanatsekeredwe kunja.

Bungwe la United Nations ndi chitsanzo chabwino chifukwa limalemba mawuwa mosamala ngati lamulo. M'zilengezo zomwe zimatuluka pa makina ake olembera anthu ntchito otchedwa Inspira, pafupifupi chiganizo chilichonse cha zoyenereza chimatha ndi "is required" kapena "is desirable". Pa zilankhulo, amayamba ndi kukumbutsa kuti Chingerezi ndi Chifalansa ndizo zilankhulo zogwirira ntchito ku likulu la bungweli, kenako n'kunena chomwe chikufunika pa malowo. Mmalawi amene sadziwa Chifalansa akhoza kuthawa atangoona dzina la chilankhulocho, pamene chiganizo chotsatira chikunena kuti chofunika ndi Chingerezi chokha, ndipo kudziwa chilankhulo china cha bungweli n'kongowonjezera. Kuwerenga chiganizo mpaka pa mpumiro kumapulumutsa mwayi wotere.

Zilengezo zomwezo zimaonetsanso mtundu wa zofunika umene sugwedezeka ngakhale munthu atakhala katswiri chotani. Awa ndi malamulo onena za amene ali wololedwa kupempha. Zilengezo za UNDP zakhala zikunena kuti munthu akhale akuphunzira digiri yachiwiri, kapena ali m'chaka chomaliza cha digiri yoyamba, kapena ayambe intanishipuyo chaka chisanathe chimalizireni maphunziro. UNICEF imapereka mpata wotalikirapo, wa zaka ziwiri chimalizireni, ndipo imafuna kuti munthu akhale atakwanitsa zaka 18 komanso asakhale ndi bambo, mayi, mchimwene kapena mchemwali wogwira ntchito m'bungwemo. Malamulo otere sachokera m'mutu mwa amene analemba chilengezo. Amachokera m'ndondomeko ya bungwe lonse, ndipo ofesi ya ku Lilongwe ilibe mphamvu yowasintha chifukwa choti yakonda kalata ya munthu. Amene anamaliza zaka zinayi zapitazo akhoza kulemba kalata yokoma ngati uchi, koma idzagwa pa funso loyamba.

N'chimodzimodzi ndi pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro m'maunduna ndi m'makhonsolo, yomwe inayamba mu 2018 pansi pa unduna wa zantchito. Chaka chilichonse chomwe yalengezedwa, chofunika kuwerenga ndi chilengezo cha chaka chimenecho, osati zomwe mnzako wa chaka chatha akukumbukira.

Pali njira yosavuta yodziwira mzere wosagwedezeka ngakhale pamene mawu oti "must" palibe. Munthu adzifunse ngati chinthucho chimatsimikizidwa ndi pepala lomwe lili ndi tsiku kapena chidindo. Unzika, zaka zobadwa, chaka chomalizira sukulu, mlingo wa maphunziro, laisensi, kalembera ku bungwe loyang'anira ntchito: zonsezi wopeta amaziona m'kanthawi kochepa ndipo sizifuna kutanthauzira. Chilengezo cha kuchipatala chikafuna munthu wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Medical Council of Malawi, kumbuyo kwake kuli lamulo la dziko, pakuti chipatala sichingapereke odwala m'manja mwa munthu wosalembetsedwa. Chikanena kuti digiri ikhale yochokera ku sukulu yovomerezeka, wopempha achite bwino kuona ngati koleji yake ndi maphunziro akewo zili pa mndandanda wa National Council for Higher Education, chifukwa nthawi zina koleji imakhala yovomerezeka koma maphunziro ena a pa koleji yomweyo asanavomerezedwe.

Zovuta zenizeni zili pakatikati, pa mizere yomwe imaoneka yolimba koma ili ndi mpata, ndi ina yomwe imaoneka yofewa koma ndiyo mtima wa ntchito. Apa chitsanzo chongoyerekeza, chofanana ndi zilengezo zambiri za mabungwe omwe si aboma, chingathandize.

Bungwe lina loona za ulimi likufuna intani wa miyezi 6 wothandiza kalondolondo wa pulojekiti yake ku Mangochi. Pa ntchito zomwe adzagwire alemba zinayi: kutolera mayankho kwa alimi pogwiritsa ntchito tabuleti, kukonza ndi kusanthula manambala, kuthandiza kuchititsa zokambirana za m'magulu m'midzi, ndi kulemba lipoti la mwezi ndi mwezi. Pa zoyenereza alemba motere: "Bachelor's degree in Statistics, Economics, Development Studies or related field". Mzere wotsatira ukuti "Must have graduated within the last two years". Wina ukuti "Knowledge of ODK or KoboToolbox". Kenako pali "At least one year experience in data collection", ndipo kumapeto alemba kuti SPSS kapena Stata, Chiyao, ndi laisensi ya njinga yamoto zonse ndi "added advantage".

Amene akuwerenga ndi mtsikana yemwe anamaliza digiri ya zachuma cha ulimi ku Bunda, pansi pa LUANAR, miyezi 14 yapitayo. Anachitapo atachimenti ya miyezi itatu, anatolera yekha mayankho a kafukufuku wake wa chaka chomaliza ndi KoboToolbox, ndipo anawasanthula ndi SPSS. Chiyao amamva pang'ono koma salankhula bwino. Njinga yamoto sanayendetsepo.

Mzere wa zaka ziwiri ndi wosavuta: miyezi 14 ili mkati, khomo latseguka. Akanakhala kuti anamaliza miyezi 30 yapitayo, nkhani ikanathera pomwepo ndipo sipakanafunika kuwerenga zotsalazo.

Pa digiri, dzina la yake silinatchulidwe, ndipo apa ndi pomwe ambiri amabwerera. Koma mawu oti "or related field" analembedwa dala kuti alandire anthu ngati iye. Funso ndi lakuti, kodi ubale wa maphunzirowo ungaonetsedwe? Ngati thiransikiriputi yake ili ndi maphunziro a masamu a kafukufuku, zachuma ndi njira zofufuzira, ubalewo ndi woonekeratu, ndipo m'kalata yake ayenera kuwatchula mayina m'ndime yoyamba, kuti wopeta wotopa asachite kufufuza yekha. Mawu omwewo sangatambasuke mpaka kufikira munthu wa digiri ya zomangamanga kapena ya zaumulungu. Muyeso wake ndi ntchito zinayi zija: ngati maphunziro a munthu anamukonzekeretsa kuchita zambiri mwa izo, ndi apachibale, ngati ayi, si apachibale, ngakhale dzina litamveka lofananako.

Kamawu koti "or" kamene kali pakati pa ODK ndi KoboToolbox nakonso kali ndi ntchito. Kakutanthauza kuti chimodzi chikukwanira. Ndipo ngakhale akanalemba ODK yokha, mtsikanayu akanakhalabe ndi chonena, chifukwa mapulogalamu awiriwa amagwiritsa ntchito kalembedwe kamodzi ka mafomu kotchedwa XLSForm, kotero wodziwa imodzi savutika pa inzake. Kukanakhala "and", monga pamene chilengezo cha ku Mzimba chikufuna Chichewa ndi Chitumbuka zonse pamodzi, nkhani ikanasintha, chifukwa pamenepo theka silikwanira.

Mzere wa chaka chimodzi cha luso ndiwo umakwiyitsa achinyamata, ndipo mkwiyowo ndi womveka. Intanishipu ndi malo okaphunzirirako ntchito, nanga munthu alitenga kuti luso asanayambe? Kawirikawiri mizere yotere imabwera chifukwa wolemba chilengezo wangotenga cha ntchito yokhazikika n'kusintha mutu. Komabe sungangonyalanyazidwa. Choyamba ndi kuona mawu ake: akuti luso la kutolera mayankho, sakunena kuti munthu akhale atalembedwapo ntchito ya malipiro. Ndiye mtsikanayu awerengetsere moona mtima. Atachimenti ndi miyezi itatu. Kafukufuku wake, kuyambira kukonza mafunso mpaka kusanthula, mwina ndi miyezi inayi. Ngati anathandizapo mphunzitsi wake kutolera mayankho pa tchuthi, ndi mwezi wina umodzi kapena iwiri. Zonse pamodzi ndi miyezi 8 kapena 9. Sizinafike chaka, ndipo sayenera kulemba kuti zinafika. Koma ndi zoyandikira mokwanira kuti kalata itumizidwe, maka chifukwa bungwe lomwe likufuna munthu womaliza m'zaka ziwiri zapitazi silidzapeza ambiri okhala ndi chaka chathunthu. Mizere iwiri ikamakokanakokana chonchi m'chilengezo chimodzi, umene umafewa ndi wa luso, osati wa tsiku.

Pali malire ake. Kumene kupempha kumachitika pa fomu ya pa kompyuta yofunsa kuti inde kapena ayi, monga momwe Inspira imachitira ndi mafunso ake opetera, mpata wofotokoza umachepa. Munthu akayankha inde pa chinthu chomwe alibe, bodzalo limadzaonekera pofufuza zikalata kapena pa intavyu, ndipo limawononga zambiri kuposa mwayi umodziwo.

Tsopano zokometsera zitatu zija. Zalembedwa mzere umodzi ngati zofanana, koma kulemera kwake kumadziwika munthu akabwerera ku ntchito zomwe intani adzagwire. Laisensi ya njinga yamoto siikugwirizana ndi ntchito iliyonse mwa zinayizo; palibe pomwe alemba kuti intani azidzayenda yekha kukaona minda. Imeneyi ndi yokometsera yeniyeni, ndipo kusowa kwake sikuyenera kumusowetsa tulo. SPSS ikugwirizana ndi ntchito yosanthula manambala, ndipo popeza ali nayo, aiike poonekera. Chiyao ndiye nkhani ina. Chalembedwa ngati chongowonjezera, koma intaniyu akachititsa zokambirana m'midzi ya ku Mangochi, kumene agogo ambiri amamasuka bwino m'Chiyao. Pa tsiku losankha, pakati pa anthu awiri ofanana pa zina zonse, wolankhula Chiyao adzapambana mosakayikitsa. Sichikumuletsa kupempha, koma chikumuuza pomwe ali wofooka, ndipo njira yabwino ndi kunena chilungamo: amamva, akuphunzira kulankhula. Kulemba kuti amalankhula bwino n'kudzitchera msampha, pakuti pa intavyu sipalephera kukhala mmodzi amene angamupatse moni wa Chiyao n'kudikira yankho.

Zimachitikanso mosemphanitsa. Chinthu chikhoza kusowa pa mndandanda wa zoyenereza koma n'kukhala chofunika kotheratu. Chikanakhala kuti pa ntchito alemba zoti intani azidzayendera magulu a alimi tsiku ndi tsiku pa njinga yamoto ya bungwe, laisensiyo ikanakhala yosapeweka ngakhale atailemba ngati yokometsera, ndipo laisensi ya galimoto sikanalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake odziwa amawerenga gawo la ntchito kawiri asanayang'ane gawo la zoyenereza.

Mizere ya makhalidwe, yonena za kugwira ntchito ndi anzako, kulankhula bwino, kupirira ntchito ikachuluka, imapezeka pafupifupi m'chilengezo chilichonse. Palibe amene amachotsedwa pa kupeta koyamba chifukwa cha iyo, poti palibe pepala loitsimikizira. Imadikira pa intavyu. Nawonso mawu olimbikitsa amayi kapena anthu aulumali kuti apemphe si lamulo loletsa ena, pokhapokha chilengezo chitanena mosabisa kuti malowo ndi a gulu limenelo lokha.

Gawo lomwe limagwetsa anthu oyenera ambiri lili pansi penipeni, m'zilembo zing'onozing'ono zofotokoza katumizidwe. Anthu saliwerenga ngati zofunika, chonsecho ndi lolimba kuposa mizere yambiri ya pamwamba. Akati mutu wa imelo ukhale dzina la malowo ndi nambala yake, n'kutheka kuti makalata amasankhulidwa potengera mutuwo, ndipo yopanda mutu woyenera ikhoza kusochera osatsegulidwa. Akati zonse zikhale mu fayilo imodzi ya PDF, zithunzi zisanu ndi ziwiri zojambula ndi foni si yankho. Akafuna makope otsimikizidwa, ndiye kuti pakufunika chidindo cha munthu wololedwa kulumbiritsa, monga loya kapena majisitireti, ndipo zimenezi sizichitika usiku wa tsiku lotseka. Akafuna anthu atatu okuchitira umboni omwe angapezeke, manambala awo akhale ogwira ntchito, ndipo eni akewo adziwitsidwe, kuti mphunzitsi asadzafunse pa foni kuti ameneyo ndi ndani. Amene satifiketi yake sinatuluke chifukwa mwambo wa galajuweshoni sunachitike angathe kuika thiransikiriputi ndi kalata ya ku ofesi ya rejisitirala yotsimikiza kuti anamaliza, n'kufotokoza zimenezo m'chiganizo chimodzi.

Ngakhale ola lotseka lili ndi kamsampha kake. Zilengezo za pa Inspira zimatseka 11:59 usiku pa nthawi ya ku New York, yomwe kuno ndi m'mawa wa tsiku lotsatira, cha m'ma 6 kapena 7 koloko malinga ndi nyengo ya chaka. Pamenepo Mmalawi amapindula maola angapo. Koma bungwe la ku Nairobi likati pakati pa usiku, kuno imakhala ili 11 koloko, ndipo wodikira mphindi yomaliza amapeza khomo litatsekedwa.

Chofunika china sichikhala pa mndandanda wa zoyenereza n'komwe, koma chimagamula zonse: kodi munthu angakwanitse kukhala kumaloko? Ma intanishipu a ku likulu la United Nations, omwe amatenga miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, akhala osalipidwa kwa zaka zambiri, ndipo zilengezo zimanena poyera kuti ulendo, chitupa cha viza, nyumba ndi inshuwalansi ya zaumoyo ndi za mwini wake. Mu 2015 nkhani ya David Hyde, mnyamata wa zaka 22 wa ku New Zealand, inamveka dziko lonse atapezeka akugona mu tenti ku Geneva ali intani wa bungweli. Iye anasiya ntchitoyo, ndipo anavomera kuti atafunsidwa ngati angathe kudzisamalira yekha sananene zoona, komanso kuti ankafuna dziko lione vuto la ma intanishipu osalipidwa. Kuyambira nthawi imeneyo nthambi zina, monga UNDP, zinayamba kupereka kandalama ka mwezi. Kwa mtsikana wa ku Bunda uja funso ndi lomwelo pa mlingo wochepa: alawansi yatchulidwa kapena ayi, ndipo ikatchulidwa, ikwanira lendi ndi chakudya ku Mangochi kwa miyezi 6? Chilengezo chikakhala chete pa ndalama, ndi bwino kufunsa asanavomere malowo, osati atafika kale ndi chikwama.

Ndipo ndalama zikayamba kuyenda mobwerera, kuchoka kwa wopempha kupita kwa wolengeza, chimenecho si chofunika cha mtundu uliwonse koma chizindikiro cha akuba. United Nations imalemba pa zilengezo zake kuti silipiritsa pa gawo lililonse la kulemba anthu. Uthenga wonena kuti munthu atumize kangachepe pa foni kuti dzina lake lilowe pa mndandanda, kapena kuti alipirire maphunziro oyambira, uyenera kufufuzidwa ku ofesi yeniyeni ya bungwelo, pa nambala yomwe munthu waipeza payekha osati yomwe ili mu uthengawo.

Mtsikana uja akawerengetsera zonse, chithunzi chake ndi ichi. Pa malamulo a tsiku ndi mlingo wa maphunziro wadutsa. Digiri yake ndi yapachibale ndipo ali ndi pepala loonetsa ubalewo. Ntchito zitatu mwa zinayi anazigwirapo kale, yachinayi angaigwire mothandizidwa. Pa luso wapereweza miyezi yochepa, pa zokometsera ali ndi chimodzi chathunthu ndi theka la china. Ameneyu atumize, ndipo kalata yake itsate ndondomeko ya chilengezo chomwecho: digiri ndi mwezi womalizira poyamba, KoboToolbox ndi kuchuluka kwa alimi omwe anawafunsa pa kafukufuku wake, kenako SPSS, ndipo Chiyao achitchule momwe chilili. Mnzake wa kalasi imodzi amene anatsalira phunziro limodzi ndipo akudikira kulembanso mayeso ali pena: chilengezochi chikufuna womaliza, choncho iye ayang'ane zomwe zimalandira ophunzira a chaka chomaliza, monga za UNDP zija, n'kudzabwerera ku zamtundu uwu zotsatira zake zikatuluka.